Mafunso ndi mayankho: kalembedwe ka nkhani yokawerengedwa pa wailesi

Awa ndi mafunso amene achinyamata ongoyamba kumene utolankhani kuno ku Nkhotakota amandifunsa kawirikawiri ndikawabwezera pepala lawo lili ndi mizere yofiira. Ena amafunsa mofatsa, ena mokwiya. Nkhani ya msewu woduka imene ndiigwiritse ntchito pansipa ndi yopeka, ndaipanga kuti tiphunzirirepo basi. Malo okha ndiwo enieni.

Bwanji mumaumirira kuti mfundo yaikulu ikhale m'chiganizo choyamba?

Chifukwa womvera amamva kamodzi kokha. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwereranso pamwamba n'kuyambiranso, koma mawu a pa wailesi akadutsa adutsa. Komanso womvera wathu sakhala phee kudikira nkhani. Mayi akuvundula kondowole, wailesi ili pawindo. Msodzi akusoka ukonde pamchenga, kawailesi kali m'thumba la malaya. Wa kabaza wavala chomvera khutu limodzi, khutu linalo likumvetsera galimoto kumbuyo. Anthu amenewa amakupatsani masekondi ochepa oyambirira kuti aone ngati nkhaniyo ikuwakhudza. Akapanda kumva kanthu, khutu limabwerera ku ntchito yawo.

Ine ndimati kwa wophunzira aliyense: tayerekeza kuti wafika kunyumba wefuwefu, wapeza mchemwali wako akukwera njinga kuti azipita, uli ndi mpweya umodzi wokha woti umuuze zomwe waona. Unena chiyani? Palibe amene amati "kunali msonkhano". Aliyense amati "msewu waduka, usapite". Chimene wanenacho ndiye chiganizo chako choyamba.

Tationetsani pa nkhani yeniyeni. Cholakwika chimaoneka bwanji?

Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa Febuluwale, mvula yagwa usiku wonse, ndipo mtolankhani wabwera ndi chiganizo ichi:

"Pofuna kuonetsetsa kuti anthu oyenda pa msewu wa M5 akhale otetezeka m'nyengo ino ya mvula, akuluakulu oona za misewu, mogwirizana ndi khonsolo ya boma la Nkhotakota komanso apolisi, lero anachita msonkhano wa atolankhani pomwe mwa zina anafotokoza kuti msewuwu waduka pafupi ndi mlatho wa Bua kutsatira mvula yamphamvu yomwe yakhala ikugwa m'bomali."

Palibe bodza m'menemo, ndipo Chichewa chake n'cholongosoka. Koma tawerengani mawuwo. Alipo 52, opanda mpumiro pakati, ndipo liwu loti "waduka" ndi la nambala 40. Wowerenga nkhani akamalifika, patha masekondi pafupifupi 20 ndipo mpweya wamuthera kale. Dalaivala wa minibasi amene akudzaza anthu a ku Dwangwa wamva "pofuna kuonetsetsa", wadziwa kuti ndi zamisonkhano, wachepetsa wailesi n'kuyamba kukangana ndi kondakitala.

Mtolankhaniyu walemba zinthu m'ndondomeko imene iye anazionera: anaitanidwa, anapeza akuluakulu, msonkhano unayamba, kenaka anamva za msewu. Womvera alibe nawo ntchito ulendo wa mtolankhani. Nkhani yomweyo tikaitembenuza imakhala chonchi:

"Msewu wa M5 waduka pafupi ndi mlatho wa Bua m'boma la Nkhotakota.
Galimoto sizikudutsa pakati pa boma ndi Dwangwa kuyambira usiku wathawu.
Apolisi ati madzi a mvula akokolola mbali ina ya msewuwu.
Ati palibe amene wavulala.
Akuluakulu oona za misewu ati adzayamba kukonza malowo mawa m'mawa.
Apolisi apempha anthu kuti asawoloke wapansi pamalopo mpaka madzi ataphwa."

Apa pali ziganizo zisanu ndi chimodzi, mawu onse pamodzi 56. Tangowonjezera mawu anayi okha pa chiganizo chimodzi chija, koma womvera wadziwa zinthu zisanu ndi chimodzi m'malo mwa chimodzi. "Waduka" tsopano ndi liwu lachinayi. Msonkhano wa atolankhani wasowa, ndipo palibe amene akuulira. Khonsolo yasowanso, chifukwa pa nkhaniyi sinanene kanthu. Inangokhala nawo pa tebulo.

Onaninso mmene ziganizozo zikutsatirana. Chilichonse chikuyankha funso limene womvera angafunse akangomva chapitacho. Waduka? Ndiye galimoto zikudutsa? Ayi. Chadula n'chiyani? Madzi. Pali wovulala? Palibe. Akonza liti? Mawa. Nanga ife titani? Musawoloke. Mukalemba nkhani yanu, ikani munthu wokonda kufunsa m'maganizo mwanu, muzimuyankha funso limodzi nthawi imodzi.

Mu nkhani muli mfundo zambiri. Ndidziwa bwanji yaikulu?

Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo makhalapo kutsutsana m'chipinda cholembera nkhani. Ine ndimayesa ndi mafunso awiri. Loyamba: n'chiyani chasintha kuyambira pamene tinawerenga nkhani komaliza? Lachiwiri: mwa zosinthazo, n'chiti chikhudze moyo, thumba kapena ulendo wa anthu ambiri amene akutimvera?

Pa nkhani yathu ya msewu, kuduka ndiye kusintha. Koma tisinthe kanthu kamodzi. Tiyerekeze kuti galimoto ina inagwera pamalo odukawo usiku ndipo anthu awiri afa. Pamenepo msewu umatsikira pa chiganizo chachiwiri: "Anthu awiri afa galimoto yawo itagwera pamalo pamene msewu wa M5 waduka, pafupi ndi mlatho wa Bua." Moyo wa munthu umatsogola.

Funso lachiwirilo likutanthauzanso kuti mfundo yaikulu imadalira amene akumvera. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete kubwera ku nkhalango ya Nkhotakota. Kwa wailesi yomveka dziko lonse, chiwerengero cha njovuzo chinali nkhani. Kwa mlimi amene munda wake wa chinangwa uli m'malire ndi nkhalango, nkhani inali yoti mpanda ufika kwawo kapena ayi. Wailesi ya m'dera ikalemba ngati ikulankhula ndi anthu a ku Lilongwe, yaiwala eni ake.

Pali njira ina yachidule yodziyesera. Phimbani ndi dzanja nkhani yonse, musiye chiganizo choyamba chokha. Chikanakhala kuti magetsi azima m'situdiyo wowerenga atangomaliza chiganizo chimenecho, kodi womvera akanatsala ndi nkhani? Ngati akanangotsala ndi mbiri yoti kwinakwake kunakumana anthu, bwererani mukasake mfundo. Nthawi zambiri imapezeka itabisala m'ndime yomaliza, kuseri kwa mawu oti "mwa zina".

Kusukulu anatiphunzitsa kuti chiyambi chiyankhe ndani, chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani ndi motani. Inu mukukana?

Sindikukana mafunsowo. Nkhani yonse iwayankhe. Chimene ndimakana n'kuwathira onse m'chiganizo chimodzi ngati matumba a mpunga pa njinga imodzi. Chiganizo choyamba chinyamule chimene chachitika ndi kumene chachitikira, nthawi zina ndi amene chamuchitikira. Zinazo zili ndi malo awo m'munsi. Malo musawasiye, chifukwa munthu wa ku Benga kapena ku Mwansambo akufuna adziwe msanga ngati ndi za kwawo.

Chiganizo chachifupi ndi cha mawu angati?

Ine ndimalola mawu 10 mpaka 15. Chikafika 20 ndimayamba kusaka podula. Koma nambala si lamulo la ku khoti. Muyeso weniweni ndi mpweya: ngati simungachinene mokweza, mosathamanga, ndi mpweya umodzi, chatalika.

Samalani ndi ziwerengero za m'mabuku a Chingerezi. Kumeneko amaphunzitsa kuti wowerenga nkhani amatchula mawu atatu pa sekondi. Chichewa sichiyenda choncho, chifukwa liwu lathu limodzi limanyamula zambiri. "Sizikudutsa" ndi liwu limodzi papepala, koma muli kukana, muli mwininkhani, muli nthawi, muli mneni, ndipo lili ndi maphatikizo asanu. Ndikadziyesa ndi wotchi ya pa foni, ine ndimapeza mawu awiri pa sekondi, nthawi zina osakwana. Ndiye nkhani ya mawu 56 ija imanditengera pafupifupi theka la mphindi. Dziyeseni nokha, ndipo muyesenso amene amawerenga nkhani pa wailesi yanu, chifukwa aliyense ali ndi liwiro lake. Mukadziwa liwiro lake, mkonzi akati "ndikufuna masekondi 40" mumadziwa kuti akupempha mawu pafupifupi 80.

Musadulenso mpaka ziganizo zonse zifanane ngati njerwa za chikombole chimodzi. Nkhani yotero imamveka ngati mwana wa sitandade 2 akuwerenga pabolodi. M'chitsanzo chija, chiganizo cha mawu anayi choti "Ati palibe amene wavulala" chili pakati pa ziwiri zazitali, ndipo kufupika kwakeko ndiko kumachititsa kuti chimveke.

Ndimayesetsa kufupikitsa, koma ziganizo zanga zimangotalika zokha. Chimazitalikitsa n'chiyani?

Pali timawu tochepa timene timachita zimenezi pa Chichewa cha m'nkhani, ndipo mukatidziwa mwathana nalo vutolo.

Toyamba ndi toyambira chiganizo: "pofuna", "potsatira", "polankhula pa mwambo wa", "malinga ndi", "ngati njira imodzi yo-". Tonseti timamuuza womvera kuti dikira kaye, nkhani ikubwera. Chiganizo choyamba chisayambe ndi kalikonse mwa timeneti. Yambani ndi chinthu kapena munthu, mneni atsatire pompo.

Tachiwiri ndi tolumikizira: "yemwe", "amene", "zomwe", "pomwe", "komanso", "kaamba koti". Kalikonse mwa timeneti ndi khomo limene chiganizo china chimalowera m'kati mwa chinzake. Mverani ichi: "Mkulu wa asodzi, yemwe amalankhula pa doko pomwe panasonkhana asodzi omwe mabwato awo anawonongeka ndi mwera womwe unawomba sabata yatha, wati thandizo lachedwa." Pakati pa "mkulu wa asodzi" ndi "wati" palowa nkhani zinayi. Pofika pa "wati", womvera waiwala kuti akunena ndani. Mankhwala ake ndi osavuta. Pezani "yemwe" woyamba, ikani mpumiro, yambani chiganizo china: "Mkulu wa asodzi wati thandizo lachedwa. Mwera unawononga mabwato sabata yatha. Iye amalankhula kwa eni mabwatowo pa doko." Mwininkhani ndi mneni wake azikhala moyandikana nthawi zonse.

Tachitatu ndi mawu a mu ofesi amene amatenga malo a mneni wamba. "Anachita ganizo loti atseke" ndi "atseka". "Pali chiyembekezo choti ntchito yokonza iyamba" ndi "ntchito yokonza iyamba", ngati alidi otsimikiza. Ngati sali otsimikiza, nenani amene akuyembekezayo. "Anataya miyoyo yawo" ndi "afa" kapena "amwalira". Mawu ngati amenewa amalowa kwambiri munthu akamamasulira chikalata cha Chingerezi mzere ndi mzere. Ine chikalata chotero ndimachiwerenga kawiri, n'kuchitembenuza chafufumimba pa tebulo, n'kulemba zimene ndagwira ngati ndikuuza munthu. Ndimachitsegulanso pamapeto pokha, kuti nditsimikize maina ndi manambala.

Mukaona mipatuliro yopitirira iwiri m'chiganizo chimodzi, dziwani kuti umodzi mwa iyo unayenera kukhala mpumiro.

Kodi si mwano kuyamba nkhani osatchula kaye akuluakulu amene analipo?

Funso ili limabwera nthawi zonse, ndipo ndimalimvetsa. Tinaleredwa kuti pa msonkhano umayamba walonjera a Gogo Chalo, a gulupu, a nyakwawa, kenaka n'kunena chimene waimirira. Komanso ambiri amene anatiphunzitsa ntchito anakula nthawi ya chipani chimodzi, isanafike 1994, pamene nkhani zinkayamba ndi dzina la wamkulu ndi maudindo ake. Khutu linazolowera.

Koma nkhani ya pa wailesi si zolankhula za pa bwalo. Ulemu timausunga m'katchulidwe, osati m'ndondomeko. Mfumu ikalankhula tiitchula ndi udindo wake woyenera, nduna chimodzimodzi, koma pa malo pamene mawu awo akufunika. Ngati nduna yabwera kudzaona msewu woduka n'kunena tsiku lotsegulira, nkhani ndi tsikulo: "Msewu wa M5 utsegulidwa Lachisanu." Chiganizo chachiwiri ndicho chinene kuti watero ndani. Ngati nduna yabwera, yaona, yabwerera osanena chatsopano, kubwerako kungakhale chiganizo chomaliza.

Udindo uzitsogola, dzina lizitsatira, ndipo udindowo ufupikitsidwe. Womvera akamva "mneneri wa apolisi ku Nkhotakota" wakonzeka kale kulandira dzina. Mukayamba ndi dzina limene sanalimvepo, limamudutsa. Ndipo dzina losadziwika lisakhale liwu loyamba la nkhani. "Bambo wina wa zaka 40 wa ku Dwangwa" amamveka msanga kuposa dzina lake.

Pa maliro pokha ndimafewa pang'ono. Sitinganene za imfa ya mfumu ngati tikunena za mtengo wa feteleza. Komabe kufewako kukhale m'mawu ndi m'kawerengedwe. "Mfumu yaikulu Uje yatisiya" ndi chiganizo chaulemu, chachifupi, ndipo mfundo ili poyamba. Chimene sindilola ndi kuyamba ndi mbiri ya ufumu wawo, anthu n'kumadabwa kuti akuwatamandiranji lero, imfa n'kudzatchulidwa pa chiganizo chachinayi. Ndipo pa ngozi, dzina la womwalira silituluka pa wailesi abale asanauzidwe, ngakhale mutalidziwa.

Nanga amene wanena nkhaniyo ndimuike poyamba kapena pamapeto?

Zimadalira mtundu wa mfundo. Ngati ndi chinthu chooneka ndi maso, chimene mwatsimikiza, monga msewu woduka, chineneni mwachindunji, gwero libwere m'chiganizo chotsatira. Koma ngati ndi maganizo a munthu, lonjezo lokayikitsa kapena kuloza wina chala, wonenayo atsogole.

Nyuzipepala imatha kulemba kuti: "Kontalakitala anagwiritsa ntchito simenti yochepa, atero anthu a m'deralo." Pa wailesi chiganizo chimenecho n'choopsa. Womvera amamva mbali yoyambayo m'mawu a wowerenga nkhani, ndiye amati wailesi yanena. "Atero anthu" akamafika, mlandu wagamulidwa kale m'mutu mwake. Lembani kuti: "Anthu a m'deralo akuti kontalakitala anagwiritsa ntchito simenti yochepa." Ndipo chiganizo chotsatira chikhale yankho la kontalakitalayo, kapena chinene kuti mwamufunsa koma sanayankhe.

Nkhani za ku polisi ndi ku khoti zili chimodzimodzi. "Apolisi amanga bambo wina pomuganizira kuti waba injini ya boti" ndi zoona zimene mungaziimire. "Bambo wina waba injini ya boti" ndi chigamulo, ndipo chigamulo ndi cha khoti. Apa kufupikitsa kuli ndi malire. Mawu oti "pomuganizira kuti" musawadule ngakhale mkonzi akulira nthawi.

Munandidulira "iwo" paliponse. Walakwanji?

"Iwo" pa Chichewa amaimira gulu, amaimiranso munthu mmodzi wolemekezeka. M'nkhani imene muli apolisi, akuluakulu a misewu ndi mfumu, "iwo ati" angakhale aliyense mwa atatuwo. Papepala diso limabwerera kukafufuza, koma khutu silingatero. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija chiganizo chomaliza chikubwereza "apolisi". Ndikanalemba "Iwo apempha anthu", womvera akanaganiza kuti ndi a misewu, poti ndiwo atchulidwa kumene. "Ati" wopanda dzina ndamulola malo amodzi okha, pamene akutsatira apolisi pompopompo.

Kubwereza dzina pa wailesi si umphawi wa mawu. Dzina la malo makamaka libwerezeni chakumapeto ngati nkhani yapitirira theka la mphindi, chifukwa pali wina amene watsegula wailesi nkhani ili pakati, ndipo akufunsa mnzake kuti "akuti kuti?"

Pali mawu ena amene wowerenga nkhani amapunthwa nawo ngakhale chiganizo chili chachifupi. Chimachitika n'chiyani?

Kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndiye mawu ena amalembedwa mofanana koma amatchulidwa mosiyana. Tsiku lina ndinalemba ndekha kuti "ayamba kukonza malowo mawa". Mnzanga amene amawerenga madzulo amenewo anaona "ayamba", n'kulitchula ngati ntchito yayambika kale. Atafika pa "mawa" anaima, n'kubwereza chiganizo chonse, maikolofoni ili yotsegula. Atatuluka anangondiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwandigwetsa." Analibe cholakwa. "Ayamba" angakhale za kale kapena za m'tsogolo, ndipo liwu lomuthandiza kusankha ndinaliika kumapeto. Kuyambira pamenepo ndimalemba "adzayamba", kapena ndimatsogoza nthawi: "Mawa ayamba kukonza."

"Mtengo" nawo ndi wotero. "Mtengo wagwa" ndi nkhani ina kwa wogulitsa mpunga, ndi nkhani inanso kwa woyenda pamsewu. Onjezani liwu limodzi lomasula: "mtengo wa mpunga watsika".

Pepala lenilenilo lithandizenso wowerenga. Chiganizo chilichonse chiyambe pa mzere wake, zilembo zikhale zazikulu bwino, ndipo chiganizo chisadukire pakati kupita tsamba lina. Kaphokoso ka pepala lotembenuzidwa pakati pa chiganizo kamamveka mpaka ku Dwambazi.

Manambala ndiwachite bwanji?

Achepetseni, ndipo muwazungulize. Chiganizo chimodzi chinyamule nambala imodzi, ndipo chiganizo choyamba chisanyamule nambala pokhapokha ngati nambalayo ndiyo nkhani. Chikalata chikati ntchito yokonza msewu idya K48,750,000, inu lembani "pafupifupi 49 miliyoni kwacha", m'mawu momwemo, kuti wowerenga asayambe kuwerenga maziro ali pa mphepo.

Manambala a Chichewa chenicheni ndi okoma koma ndi aatali. 67 ndi "makumi asanu ndi limodzi, mphambu zisanu ndi ziwiri", mawu asanu ndi atatu, ndipo womvera ayenera kuwonkhetsa m'mutu nkhani ikupitirira. Pa manambala ang'onoang'ono, mpaka khumi, ine ndimakonda Chichewa. Kupitirira apo ndimazunguliza kapena ndimatchula mmene anthu amatchulira pa msika. Wailesi iliyonse igwirizane njira imodzi. Malo amene sitizunguliza ndi chiwerengero cha anthu omwalira, mtengo umene mlimi akagulitsire mbewu, tsiku ndi ola. Amenewo akhale enieni, ndipo ngati ndi ofunika kwambiri anenedwe kawiri.

Nkhani yomweyo ikabwerezedwa masana ndi madzulo, ndingoisiya mmene ilili?

Ayi, chifukwa mfundo yaikulu imakalamba. M'mawa anthu sakudziwa kanthu, ndiye "Msewu wa M5 waduka" ndi nkhani. Pofika masana boma lonse lamva, ena aona kale zithunzi pa foni. Chatsopano chingakhale choti odwala amene amapita ku chipatala cha boma kuchokera mbali ya Dwangwa akusowa podutsa, kapena kuti mathirakitala afika pamalopo. Madzulo chingakhale choti galimoto zing'onozing'ono zayamba kuwoloka. Nthawi iliyonse chatsopanocho chimakwera pamwamba, kuduka kwa msewu kumatsikira pa chiganizo chachiwiri kapena chachitatu kuti amene sanamve m'mawa asasochere.

Chizindikiro choti nkhani yagona ndi liwu loti "dzulo" m'chiganizo choyamba. Ngati chinthu chinachitikadi dzulo musabise, koma imbani foni mufunse kuti lero zili pati, yankholo ndilo litsogole. Onaninso mneni. "Waduka", "amanga", "atseka" akunena chinthu chimene zotsatira zake zikadalipo. "Unaduka", "anamanga" akumveka ngati mbiri yakale. Koma musakakamize "waduka" pa msewu umene akonza kale.

Ndili ndi mawu amene ndajambula. Ndiwalowetse pati?

Pambuyo pa ziganizo ziwiri kapena zitatu, mfundo itamveka kale. Mawu ojambula sabwera kudzanena mfundo, amabwera kudzaikira umboni kapena kudzaonetsa mmene munthu zamukhudzira. Sankhani masekondi 15 kapena 20 amene inu simungawanene bwino kuposa mwini wake. Mayi wogulitsa usipa akamafotokoza kuti dengu lake layamba kununkha ali tsidya lino, amenewo ndi mawu oika. Mkulu wa mu ofesi akamawerenga tsiku ndi ndalama, zimenezo nenani nokha mwachidule.

Chiganizo cholowetsera chitchule amene akubwera, koma chisamulande mawu. Mukalemba kuti "Mayiyu wati usipa wake wayamba kuwonongeka", kenaka mayiyo n'kumveka akuti "usipa wanga wayamba kuwonongeka", mwataya masekondi ndipo womvera amaseka. Lembani kuti "Mayi uyu wakhala pamalopo kuyambira mbandakucha ndi dengu la usipa", iye anene zotsalazo. Ndipo nkhani yanu ikhale yoti ingaime payokha, chifukwa tsiku lina kompyuta idzakana kuseweretsa mawuwo wowerenga atawalowetsa kale.

Mkonzi akati nthawi yatha, ndidule pati?

Kuchokera pansi. Ichi ndi chifukwa china chotsogozera mfundo: nkhani yolembedwa bwino imaduka ngati nzimbe, mfundo ndi mfundo, yotsalayo n'kukhalabe yathunthu. Yesani pa chitsanzo chathu. Tsalani ndi ziganizo zinayi zoyamba zokha, nkhani ilipo. Tsalani ndi ziwiri, ilipobe. Chiganizo cha mawu 52 chija simungachidule paliponse, chifukwa mukadula kumapeto mwataya msewu, mwatsala ndi msonkhano.

Pali pamodzi pofunika kusamala. Chiganizo chomaliza m'chitsanzocho ndi chenjezo loti anthu asawoloke. Ngati madzi akuthamanga moti munthu angakokoloke, chenjezolo si lodula. Likwezeni likhale lachitatu, za tsiku lokonza zitsikire pansi. Nthawi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, a zanyengo akachenjeza oyenda panyanja, chenjezolo ndilo chiganizo choyamba: "Asodzi asalowe panyanja usiku uno." Amene wachenjeza abwere pompo m'chiganizo chachiwiri.

Ndamaliza kulemba. Ndichite chiyani ndisanapereke kwa mkonzi?

Imirirani muwerenge mokweza, osati chamumtima, wotchi ili m'manja. Pamene mwapuma mosafuna, ikanipo mpumiro. Pamene lilime lapunthwa, sinthani liwulo, chifukwa wowerenga adzapunthwanso pomwepo. Kenaka itanani munthu amene sanaione nkhaniyo, kaya ndi mlonda wa pageti kaya mayi wogulitsa mandasi panja. Muwerengereni kamodzi kokha, pindani pepala, mumufunse kuti wamva chiyani. Akati "msewu waduka ku Bua, a ku Dwangwa sakudutsa", pitani nayo kwa mkonzi. Akati "akuti kunali msonkhano", kapena akakufunsani kuti "mwati kuti?", khalaninso pansi muyambire chiganizo choyamba.